Dzira lokazinga ndi lowiritsa: nanga mafuta otsala m'chiwaya awerengedwe kwa ndani?

Alamu anga a ku Kawale anauzidwa kuchipatala kuti achepetseko thupi chifukwa magazi awo ayamba kuthamanga. Iwo ndi munthu wosachita zinthu mwachibwana, choncho anagula kakope n'kuyamba kulembamo chilichonse chimene chalowa m'kamwa, pamodzi ndi mphamvu zimene chakudyacho chili nazo. Buledi, shuga ndi mkaka sizinawavute, popeza manambala ake amakhala olembedwa kale pa paketi. Chimene chinawazunguza mutu ndi dzira. Atafufuza pafoni za dzira lokazinga, pena anapeza makalori 90, pena 120, penanso 196.

"Alamu, dzira limodzi lomweli lingakhale bwanji ndi mitengo itatu ngati tomato wa mumsika wa Lizulu?" anandifunsa tsiku lina madzulo. Ndisanayankhe n'komwe anawonjezera funso lachiwiri, limene ndi lovuta kuposa loyambalo: "Ndikathira supuni ya mafuta m'chiwaya, ena amatsala momwemo. Ndilembe onse, kapena ndisalembe?"

Manambala atatuwo onse akhoza kukhala oona, kungoti sakunena chinthu chimodzi. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi chimene chikuwerengedwacho.

Kalori ndi chiyani?

Kalori ndi muyezo wa mphamvu, monga momwe lita ilili muyezo wa madzi. Thupi limatentha chakudya pang'onopang'ono kuti tipume, tiyende, tiganize ndiponso kuti tikhale ofunda, ngati mmene mbaula imadyera makala. Kalori imene imalembedwa pa zakudya ndi mphamvu yokwanira kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Pa mapaketi imalembedwa kuti kcal. Zinthu zambiri za m'masitolo athu, makamaka zochokera ku South Africa, zimalemba kJ m'malo mwake. Ukaona kJ, gawa nambalayo ndi 4.2 ndipo upeza makalori. Anthu ambiri amachita mantha akaona 3,400 pa botolo la mafuta ophikira, osadziwa kuti ndi kJ za mamililita 100.

Mphamvuzi zimachokera m'zinthu zitatu zikuluzikulu za m'chakudya. Galamu imodzi ya zakudya zokhutitsa monga ufa ndi shuga imapereka makalori pafupifupi 4. Galamu ya mapuloteni, zomanga thupi zija, imaperekanso 4. Koma galamu ya mafuta imapereka 9. Kawerengedwe kameneka kanachokera kwa katswiri wa ku America, Wilbur Atwater, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ndi komwe kakugwiritsidwabe ntchito pa mapaketi mpaka lero. Madzi ndi mchere zilibe kalori ngakhale imodzi.

Nambala ya 9 imeneyi ndiyo mwini nkhani yonse ya leroyi.

Dzira palokha

Dzira lalikulu la nkhuku zoikira, la m'mathireyi aja timagula a 30, limalemera pafupifupi magalamu 57 ndi chikhokhombe chake, ndipo za m'kati mwake zimakhala cha m'ma 50. M'magalamu 50 amenewa gawo lalikulu ndi madzi. Mapuloteni amakhala magalamu 6 ndi kanthu, mafuta pafupifupi magalamu 5, ndipo shuga ndi wochepa kwambiri moti sakwana n'galamu imodzi yomwe. Ukachulukitsa ndi manambala a Atwater aja umafika pa makalori 70 ndi pang'ono. Unduna wa zaulimi wa ku America, umene manambala ake ndiwo amakopedwa ndi mapulogalamu ambiri a pafoni, umaika dzira lalikulu losaphika pa 72. Mwa amenewa, pafupifupi 55 ali m'chikasu cha pakati, chifukwa mafuta onse a dzira amakhala mmenemo. Choyera chija chili ndi 17 okha.

Dzira lowiritsa, unduna womwewo umalipatsa 78. Musaganize kuti madzi a mumphika awonjezera kanthu. Dzira limalowa m'madzi lili m'chikhokhombe chake n'kutulukanso choncho, palibe chopatsa mphamvu chimene chalowa. Kusiyana kwa 72 ndi 78 kumabwera chifukwa mazira amene anayezedwa sanali amodzimodzi. Kunyumba, kunena kuti dzira lalikulu lowiritsa lili pakati pa 70 ndi 80 n'kokwanira. Kaya mwaliwiritsa mphindi 5 kuti chikasu chikhale chofewa, kaya mphindi 12 mpaka chiume, makalori ndi omwewo.

Mazira a nkhuku zachikuda ndi ang'onoang'ono, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa koyamba. Ngati lanu likulemera magalamu 42 ndi chikhokhombe, za m'kati zikhala pafupifupi 37, ndipo makalori ake ndi 50 ndi kanthu basi. Njira yachidule ndi yakuti galamu iliyonse ya za m'kati mwa dzira ili ndi makalori pafupifupi 1.4. Kufiira kwa chikasu cha dzira lachikuda kumachokera ku zimene nkhuku imadya, masamba ndi chimanga chachikasu, sichizindikiro choti muli mafuta ochuluka.

Kukazinga nakonso sikusintha mphamvu za dzira lenilenilo. Moto umaumitsa mapuloteni ndi kutulutsa madzi ena, koma suwonjezera kalori. Ndiye ngati dzira lokazinga likuposa lowiritsa, kusiyana konseko kwabwera ndi chinthu chimodzi: mafuta amene dziralo lanyamula pochoka m'chiwaya.

Supuni ya mafuta

Mafuta ophikira, kaya a soya, a mpendadzuwa, a mtedza kapena a kanjedza, ndi mafuta okhaokha, mulibe madzi. Pa makalori onse ndi ofanana. Amasiyana pa zina zokhudza mtima ndi mitsempha, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Supuni yaikulu yoyezera, ya mamililita 15, imanyamula mafuta olemera pafupifupi magalamu 14, omwe ndi makalori 120 kapena kuposerapo pang'ono. Kasupuni ka tiyi, ka mamililita 5, kamanyamula magalamu 4 ndi theka, makalori 40.

Taganizirani bwino zimenezi. Supuni imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu zoposa dzira lonse, ndipo ikuyandikira mazira awiri. Timafuta timene timaoneka ngati tongonyowetsa chiwaya titha kulemera pa sikelo ya makalori kuposa ndiwo imene tikuphikayo.

Majarini ndi batala ndi zotsikirapo chifukwa muli madzi. Batala ali ndi makalori pafupifupi 100 pa supuni yaikulu. Majarini amasiyanasiyana, ena ali ndi madzi ambiri kuposa anzake, choncho ndi bwino kuwerenga pa chigubu chake.

Tsopano tibwerere ku mitengo itatu ya alamu anga ija.

Nambala ya 90 ndi ya unduna wa ku America uja, ya dzira lalikulu lokazinga. Chotsani 72 pa 90, patsala 18. Gawani 18 ndi 9, mupeza 2. Ndiye kuti nambala imeneyi ikunena za dzira limene lanyamula magalamu awiri okha a mafuta, osakwana n'theka lomwe la kasupuni ka tiyi. Zimenezi n'zotheka m'chiwaya chosamatirira chimene mwangochipaka mafuta, koma si mmene ambiri a ife timakazingira.

Nambala ya 120 ndi ya munthu amene waphatikiza dzira lowiritsa ndi kasupuni kamodzi ka mafuta: 78 kuwonjezerapo 40, zomwe zikukwana 118, pafupifupi 120. Pomwe 196 si ya dzira limodzi ayi. Ndi ya magalamu 100 a mazira okazinga, omwe ndi mazira awiri ndi kanthu. Alamu anga sanaone timawu ting'onoting'ono tolembedwa pambali pa nambalayo.

Zimene tinachita pa mbaula ku Kawale

Funso la mafuta otsala silingayankhidwe ndi foni, chifukwa foni sidziwa chiwaya chanu. Loweruka lotsatira ndinanyamula kasikelo kanga ka m'khitchini, koyeza ndi galamu imodziimodzi, n'kupita nako kwa alamu.

Poyamba iwo anafuna kuyeza dzira lisanalowe m'chiwaya ndi litatuluka, poganiza kuti kulemera kowonjezerekako ndiwo akhale mafuta. Maganizo ake ndi omveka, koma njirayi imanamiza. Dzira likamalira kuti tsetsetse m'mafuta, ndi madzi ake amene akuwira n'kuthawa ngati nthunzi. Limataya madzi uku likutenga mafuta, ndipo kawirikawiri limatuluka lopepuka kuposa mmene linalowera. Dzira la magalamu 50 litha kutuluka lili 46, munthu n'kumasangalala kuti lachepa mphamvu, pomwe lataya madzi opanda kalori n'kutenga mafuta a makalori 9 pa galamu.

Choyenera kuyeza ndi chiwaya. Mafuta sauluka ngati madzi pa moto wokazingira dzira, choncho amene asowa m'chiwaya apita ndi dzira, kupatulapo timadontho tothethekera pansi.

Chiwaya cha alamu, chakale chachitsulo, chinalemera magalamu 620 chili chouma. Ndinawapempha kuti athire mafuta mmene amathirira masiku onse, osaganiza za ine. Anapendeketsa botolo kamodzi, sikelo n'kuonetsa 634. Anathira magalamu 14, supuni yaikulu yathunthu, ngakhale iwo analumbira kuti dzanja lawo silipitirira kasupuni ka tiyi. Anaswera dzira momwemo, n'kumalithira mafuta otenthawo pamwamba ndi supuni kuti chikasu chiphimbike, kenako analitembenuza kamodzi n'kuliphula. Tinadikira kuti chiwaya chizizire, popeza sikelo yake ndi yapulasitiki, ndipo titayeza tinapeza 629.

Masamu ake ndi awa. Mwa magalamu 14 aja, 9 anatsala m'chiwaya ndipo 5 anachoka. Magalamu 5 kuchulukitsa ndi 9 ndi makalori 45. Kuphatikiza ndi 72 a dzira, m'mbale munali pafupifupi 117. Alamu akanalemba mafuta onse, akanalemba pafupifupi 198, n'kudzinamizira makalori 80 amene sanadye. Akanangokopera 90 ya pafoni, akanadzibisira pafupifupi 30.

Amenewa ndi manambala a chiwaya chimodzi pa tsiku limodzi, si lamulo. Chofunika kutengapo ndi kachitidwe kake: mafuta amene mwathira, kuchotsapo amene atsala, kuchulukitsa ndi 9, kuwonjezera pa dzira.

Pali tinthu tingapo tosokoneza muyezowu. Tizidutswa ta dzira tokakamira pansi pa chiwaya timawonjezera kulemera kwake, n'kuoneka ngati mafuta otsala ndi ambiri, choncho tichotseni musanayeze. Mukakazinga ndi tomato kapena anyezi, madzi ake amasakanikirana ndi mafuta ndipo sikelo singawasiyanitse. Mafuta othetheka pa mbaula amawerengedwa ngati mwadya pomwe simunadye, koma nthawi zambiri ndi ochepa. Ndipo sikelo ya galamu imodziimodzi ikaphonya ndi galamu imodzi, ndiye kuti mwaphonya ndi makalori 9. Chifukwa chake palibe chifukwa chokanganirana 115 ndi 120.

Kwa amene alibe sikelo, supuni ikhoza kugwira ntchito. Yezani mafuta ndi supuni pothira, osati ndi maso. Mukatha kukazinga, pendeketsani chiwaya kuti otsalawo abwerere mu supuni yomweyo. Ngati munathira supuni yodzadza ndipo yabwerera theka, dziwani kuti dzira latenga osaposa theka, chifukwa ena amatsala atamatirira m'chiwaya. Si muyezo wa kulabotale, koma ukuposa kungoyerekeza.

Chimene chimapangitsa dzira kunyamula mafuta ambiri

Dzira losaswa chikasu silimwa mafuta ngati mandasi. Likangokhudza moto, choyera chimagwirana n'kukhala ngati chikopa, ndipo mafuta ambiri amangomatirira kunja kwake. Ndiye kuchuluka kwa mafuta kumadalira kukula kwa malo amene angamatirirepo. Dzira lophikidwa pa moto wodekha, losalala pansi, limanyamula ochepa. Lophikidwa pa makala oyaka kwambiri, lija la m'mphepete mofiira mokhukhuluzika ngati ukonde, lili ndi timabowo tambirimbiri tosungira mafuta. Kulithira mafuta pamwamba ndi supuni, monga anachitira alamu, kumanyowetsa mbali zonse ziwiri.

Kaphulidwe nako kali ndi gawo lake. Wina amalinyamula ndi chipande chamabowo n'kuligwira m'mwamba kamphindi kuti likhe. Wina amangopendeketsa chiwaya, dzira n'kutsetserekera m'mbale limodzi ndi dziwe lake la mafuta. Anthu awiriwa athira mafuta ofanana, koma sadya zofanana.

Nkhani imasinthiratu mukalimenya dzira musanalithire. Chikasu cha dzira chili ndi chinthu chothandiza mafuta kusakanikirana ndi madzi, n'chifukwa chake amapangira mayonezi. Mazira omenya akamatakasidwa m'chiwaya amakulunga mafuta m'kati mwawo. Tinayesanso zimenezi tsiku lomwelo, ndi supuni yofanana ya mafuta, ndipo chiwaya chinatsala chongonyezimira, chopanda choti n'kutsanula. Pamazira otere, komanso pa ndiwo ya mazira a tomato ndi anyezi imene timadyera nsima, muwerengere pafupifupi mafuta onse amene mwathira. Ngati mwaphika mazira anayi ndi masupuni atatu a mafuta kuti mudye anthu anayi, aliyense walandira dzira limodzi ndi mafuta a makalori pafupifupi 90, osawerengera tomato.

Palinso kaphikidwe kathu kena kamene mapulogalamu a pafoni sakadziwa: kuwiritsa mazira, kusenda, kenako kuwakazinga athunthu mpaka khungu lake lifiire n'kuchita makwinya, n'kuwaika mu supu wa tomato. Munthu akhoza kulemba m'kope kuti wadya dzira lowiritsa, 78, koma mafuta onse a m'poto ali mu supu amene akusunsamo nsima.

Mafuta otsalawo amapita kuti?

Apa ndi pamene alamu anga anandidula pakamwa. Nditawauza kuti asawerengere magalamu 9 otsala aja, anaseka. "Alamu, mukuganiza kuti mafuta amenewa ndiwataya? Ndi mtengo wake umenewu?"

Anali kunena zoona. Akatswiri a kunja akamalemba za mafuta otsala m'chiwaya amaganizira khitchini imene chiwaya chimapita kukatsukidwa chikangophulidwa. M'makomo ambiri muno mu Lilongwe, kumene ena timagula mafuta oyeza a m'timachubu pa okala tsiku ndi tsiku, dontho silitayika. Wina amapukuta chiwaya ndi buledi. Wina amathiramo tomato nthawi yomweyo kuti akhale supu. Wina amangochivundikira kuti akazingiremo mpiru masana. Mafutawo sanalowe m'dzira, koma alowabe m'mimba mwa wina.

Ndiye yankho lolondola ndi lakuti mafuta amawerengedwa kwa amene wawadya, pa nthawi imene wawadya. Ngati mwapukuta chiwaya ndi buledi wanu, lembani supuni yonse, ndipo chakudya chimenecho chafika pa 198 aja musanawerengere buledi. Ngati apita mu mpiru wa banja lonse, agawidwa kwa onse odya mpiruwo, ndipo musawalembe kawiri. Ngati apita ndi madzi otsukira mbale, sawerengedwa kwa aliyense.

Chifukwa cha kayendedwe kameneka, ine ndimaona kuti pakhomo pamene mafuta satayidwa, kuwerenga botolo n'kosavuta kuposa kuwerenga chiwaya. Lita imodzi ya mafuta imalemera pafupifupi magalamu 920, omwe ndi makalori pafupifupi 8,300. Banja la anthu asanu likamatha malita awiri pa mwezi, ndiye kuti munthu aliyense akulandira makalori cha m'ma 110 patsiku kuchokera ku mafuta ophikira. Zilibe kanthu kuti anadutsira m'dzira, mu usipa kapena m'nyemba. Njirayi siiona kuti bambo amadya ndiwo zambiri kuposa mwana, koma imaonetsa msanga ngati dzanja la wophika layamba kulemera.

Dzira la pa chiwaya cha tchipisi, la ku depoti kapena ku Mchesi, ndi lovuta kuliyeza. Limasweredwa m'mphepete mwa dziwe la mafuta, nthawi zina n'kusakanizidwa ndi tchipisi chimene chamwa kale mafuta ake. Palibe amene angakuuzeni nambala yeniyeni, koma yang'anani pepala kapena kajumbo kamene akuikiranimo. Ngati pansi pake pasonkhana mafuta, dziwani kuti 90 ya pafoni ija siikukhudzani. Mnyamata wogulitsa mazira owiritsa pafupi pomwepo, wa kabotolo ka mchere ndi tsabola uja, ndiye yekha amene katundu wake amafanana ndi zolembedwa.

Kusiyanaku ndi kwakukulu bwanji?

Munthu wamkulu amafuna makalori cha m'ma 2,000 patsiku, wogwira ntchito zolemetsa kuposa pamenepo. Makalori 45 amene dzira la alamu linanyamula ndi kagawo kakang'ono pa 2,000. Akufanana pafupifupi ndi timasupuni titatu ta shuga mu tiyi, popeza kasupuni ka shuga kosasefukira kali ndi 16. Chigawo chimodzi cha buledi chili ndi 70 kapena 80. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi pafupifupi 360, ndipo mbale ya nsima ya munthu wamkulu imatha ufa wofika pamenepo kapena kuposa. Munthu amene akudya dzira lokazinga kamodzi pa sabata n'kumadandaula nalo, pomwe mitanda ya nsima sakuiwerenga, akuyang'ana malo olakwika.

Koma kwa wodya mazira awiri m'mawa uliwonse, omenya, ndi supuni yathunthu ya mafuta, nkhani ndi ina. Mazira awiri owiritsa ndi makalori pafupifupi 150. Omenyawo ndi pafupifupi 270. Kusiyana kwa 120 patsiku kumakwana 3,600 pa mwezi wa masiku 30, zomwe zikuyandikira chakudya cha masiku awiri athunthu.

Mbali inayo ilinso ndi mfundo zake. Si onse amene akufuna kuchepetsa. Mwana wamng'ono ali ndi kamimba kakang'ono, sangadye zambiri nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake kusikelo ya ana amalangiza kuthira timafuta kapena nsinjiro m'phala. Kwa mwana wotere, kwa wodwala amene akuchira koma chilakolako cha chakudya chili chochepa, kapena kwa wakabaza wopalasa tsiku lonse, mafuta a pa dzira ndi phindu. Mapuloteni ndi omwewo m'dzira lowiritsa ndi lokazinga, magalamu 6 ndi kanthu. Ndipo makalori ndi muyezo wa mphamvu chabe, sanena ngati chakudya ndi chabwino kapena choipa. Amene adokotala anawapatsa malangizo a kadyedwe chifukwa cha shuga, mtima kapena impso, nambala ya makalori siilowa m'malo mwa malangizowo.

Wofuna kukoma kwa dzira lokazinga popanda mafuta ambiri ali ndi njira yapakati. Thirani kasupuni kamodzi ka tiyi m'chiwaya chotentha pang'ono, muzungulize kuti chinyowe chonse, swerani dzira, kenako vundikirani. Nthunzi ya dzira lomwelo imaphika pamwamba popanda kuthirapo mafuta. Popeza mwathira makalori 40 okha, dziralo silingapitirire 112 ngakhale litanyamula mafuta onse, ndipo simufunikanso kuyeza zotsala. Vuto limabwera ndi chiwaya chokandika kapena chopyapyala pa makala aukali: dzira limakakamira, wophika n'kuwonjezera mafuta kachiwiri. Pa mbaula, kudikira kuti makala ayambe kuchita phulusa pamwamba kumathandiza kuposa kuwonjezera mafuta.

Alamu anga sanasiye kukazinga. Anangoika kasupuni ka tiyi pambali pa botolo la mafuta, ndipo m'kope mwawo amalemba 110 pa dzira lililonse lokazinga. Tsiku limene apukuta chiwaya ndi buledi nambalayo siisintha, chifukwa anawerengera kale kasupuni konse. Sikelo yanga mpaka pano sanandibwezere. Akuti tsopano akuyeza nsima.